Wakugulitsa chimanga wathawa malonda: khoti likupatsa phindu kapena ndalama zomwe unaononga?

Anthu akabwera ku ofesi kwanga malonda atasokonekera ambiri amafuna zonse, ya thiransipoti ibwere, phindu libwerenso, mwinanso ndi ya mtima wopwetekawo. Khotitu siliwerengera choncho.

Tiyerekeze kuti mwagwirizana ndi mlimi wa ku Mchinji matumba 100 a chimanga pa K40,000 thumba, ndiye K4,000,000, kulipira ndi tsiku lotenga katundu. Ku Lilongwe kuli kasitomala wokonzeka kugula pa K48,000. Mwahaya lole, mwagula matumba, mwalipira aganyu, zonse K350,000, kufika kumudzi kuja mkulu uja akuti pepani bwana ndinagulitsa dzulo kwa wina.

Njira yoyamba yowerengera chipukuta misozi ndi ya chiyembekezo. Mfundoyi inachokera ku makhoti a ku Mangalande mu 1848 ndipo kuno timaitsatabe: wolakwiridwa aikidwe pomwe akanakhala zikanakhala kuti mgwirizano unatheka. Mukanalandira K4,800,000, koma K4,000,000 ija simunalipire ikadali m'thumba mwanu, ndiye mlimi akupatseni K800,000.

Yachiwiri ndi yongokubwezerani zomwe munaononga chifukwa chokhulupirira mawu ake, mubwerere pomwe munali musanakumane naye n'komwe. Apa ndi K350,000 basi.

Pomwe anthu amandikwiyira ndi apa, simungaphatikize ziwirizi n'kufuna K1,150,000. Lole ija mukanalipira ndithu ngakhale malonda akanatheka, ndiye mu K800,000 muja ya lole ilimo kale, phindu lenileni linali K450,000.

Nanga munthu angasankhirenji yochepayo? Umboni. Ngati kasitomala wa ku Lilongwe uja munangolankhulana pakamwa ndipo pano akuzemba kubwera ku khoti, phindu lanu likhala ngati maloto, pomwe lisiti ya lole ndi mameseji a pa foni woweruza amaona ndi maso.

Koma njira yachiwiriyi si pothawirapo ngati malondawo anali oluza kale. Mtengo ku Lilongwe ukanakhala utagwa kufika K41,000, mukanatsala ndi K100,000 yokha mutalipira mlimi, kutanthauza kuti K250,000 ya zowonongazo ikanapita ndithu. Mlimi akaonetsa zimenezi, ndipo udindo woonetsa ndi wake osati wanu, mulandira K100,000 yokha. Zimawawa koma ine ndimaona kuti n'zachilungamo, munthu asakulipireni masamu omwe munalakwitsa nokha.

China chomwe loya wa mbali inayo adzafunse ndithu: tsiku lomwelo lole ili pompo, chimanga china chinalipo pafupi? Ngati pa msika wa pa Kamwendo chimapezeka pa K43,000 inu n'kubwerera ndi lole yopanda kanthu chifukwa cha mkwiyo, khoti lingowerenga kusiyana kwa mitengoyo, K3,000 pa thumba, ndiye K300,000, K800,000 ija muiwale.