Miyala ya m'ndulu: mafuta ophikira ndi mandimu sizingaichotse

Pali uthenga ukuzungulira pa WhatsApp muno mu Lilongwe wonena kuti munthu amene sikani yamupeza ndi miyala m'ndulu asavutike ndi opaleshoni, angomwa kapu ya mafuta osakaniza ndi madzi a mandimu usiku, m'mawa miyala ituluka ndi chimbudzi. Tikukupemphani, musayese zimenezi. Kwa munthu amene ali ndi miyala, kapu imeneyo ndi imene ingamugonetse m'chipatala usiku womwewo.

Aliyense amene anatumbulapo nkhuku amakadziwa kathumba kobiriwira kokhala pachiwindi, kamene timakachotsa mosamala kuti kasaphulike n'kuwawitsa ndiwo. Munthu nayenso ali nako, kumanja, pansi pa nthiti. Chiwindi chimapanga madzi a ndulu, kathumbaka kamangowasunga. Tikadya chakudya chamafuta, kathumba kamafinyika n'kuthira nduluyo m'matumbo kudzera m'kanjira kopapatiza kuti mafuta agayike. Madzi a ndulu akachuluka mafuta a m'thupi otchedwa kolesitero, kapena akamakhalitsa m'kathumba osatuluka bwino, amayamba kuundana n'kukhala miyala. Vutoli limakonda amayi, makamaka amene abereka kangapo, anthu onenepa, amene adutsa zaka 40, a shuga, komanso amene aonda mofulumira. Odwala sikoselo amatha kukhala nayo akadali ana, chifukwa magazi awo amawonongeka msanga. Miyala imeneyi sichokera ku mchenga wa mumpunga kapena timiyala ta m'nyemba, ndipo palibe amene anakuikirani.

Anthu ambiri amene ali ndi miyala sakudziwa n'komwe, ndipo miyala imene sikuvuta kawirikawiri timaisiya. Vuto limayamba mwala ukatseka kukamwa kwa kathumba pamene kakufinyika.

Titenge chitsanzo. Mayi wa zaka 45 wa ku Kawale wadya chipisi ndi nyama yankhumba yokazinga madzulo. Patangopita ola limodzi kapena awiri, wayamba kumva ululu pansi pa nthiti zakumanja kapena pachifu penipeni. Ululuwo sudukiza ngati wa kupotokola kwa m'mimba. Umakula n'kukhazikika, umafika mpaka kumsana pansi pa phewa lamanja, mseru ndi thukuta zili pomwepo. Agone chagada, agone chammbali, akhale tsonga, palibe chosintha. Patatha maola 2 kapena 3 mwala uja wasuntha, ululu watha, mawa lake mayi ali kumsika ngati palibe chinachitika. Apa ndi pamene ambiri amasokera. Amati ndi maalisa, amagula mankhwala a zilonda za m'mimba, ndipo poti ululu umatha wokha, amakhulupirira kuti mankhwalawo agwira ntchito. Ena amatha chaka akuchita zimenezi. Ululu wotere ukangokuchitikirani, pitani kuchipatala chanu chapafupi, mufotokoze malo enieni amene mukumva kupweteka, chimene munadya, ndi nthawi imene ululu unatenga. Miyala ya m'ndulu imaoneka bwino pa sikani ya pamimba, yofanana ndi ya amayi oyembekezera. Mudzauzidwa kuti musadye kwa maola pafupifupi 6 musanajambulidwe, kuti kathumba kadzaze n'kuoneka bwino.

Tsopano taganizani mayi yemwe uja wamwa kapu yathunthu ya mafuta. Chimene chimafinya ndulu ndi mafuta. Iye wafinya kathumba kodzaza miyala mwamphamvu kuposa chakudya chilichonse chimene anadyapo. Mafutawo ndi mandimuwo amadutsa m'chifu ndi m'matumbo, salowa m'kathumba mmene muli miyala, ndiye aisungunula bwanji? Mudzati, "Nanga timiyala tobiriwira timene anthu akujambula m'chimbudzi chawo?" Timeneto ndi mafuta omwewo amene aundana ndi madzi a mandimu ndi madzi ogaya chakudya. Timakhala tofewa, mutha kutitswanya ndi kamtengo. Bwererani ku sikani, mupeza miyala yanu ili phee pamalo pake. Mankhwala azitsamba a m'mabotolo amene amati amasungunula miyala nawonso saichotsa, amangokudyerani nthawi ndi ndalama.

Mwala ukakakamira osasuntha, kathumba kamatupa ndipo tizilombo timalowerera. Chizindikiro chake chachikulu ndi nthawi: ululu ukapitirira maola 6 osatsika, musadikire kuti kuche. Thupi limatentha, munthu amasanza, ndipo dokotala akadina pansi pa nthiti zakumanja n'kukuuzani kuti mukoke mpweya, mumaudula pakati chifukwa cha ululu. Ambiri amafika mochedwa chifukwa anaona kutentha thupi n'kuganiza malungo. Ngati mwayezetsa malungo sanapezeke koma kumanja kukupwetekabe, nenani, musangolandira panado n'kubwerera kunyumba. Ndulu yotupa ikasiyidwa imatha kudzaza mafinya, kuola ngakhale kuphulika, ndipo okalamba ndi odwala shuga amatha kufika pamenepo ululu wake usanakule kwenikweni.

Choopsa kwambiri ndi pamene kamwala kakang'ono katuluka m'kathumba n'kukatseka njira yaikulu yopita kumatumbo. Maso amachita chikasu, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chimayera, khungu limayabwa. Pakawonjezekera kutentha thupi ndi kunjenjemera, kapena munthu ayamba kubwebweta, imeneyo ndi ngozi ya maola, ofunika kuthamanga naye nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Kamwala komweko kamathanso kutupitsa chiwalo cha kuseri kwa chifu chotchedwa pankiriyasi, matenda amene amatha kupha. Timiyala ting'onoting'ono ndi timene timalowa m'njiramu mosavuta, ndiye amene akukuuzani kuti "yanu ndi yaing'ono, ingoitulutsani ndi mafuta" akukutumizani kumene tikukuopaku.

Nanga opaleshoni imafunika liti? Ngati miyala yangopezeka pa sikani ya vuto lina ndipo sinakuvutitsenipo, nthawi zambiri sitichita kanthu. Ngati yayamba kupweteka, makamaka mobwerezabwereza, dokotala amalangiza kuchotsa, chifukwa ululu ukayamba umakonda kubwerera. Ngati ndulu yatupa, mumagonekedwa, mumalandira diripi, mankhwala opha tizilombo ndi oletsa ululu, kenako opaleshoni imachitika m'masiku oyambirira omwewo, kapena mumapatsidwa tsiku patatha masabata pafupifupi 6 kutupa kutachepa. Pano tidandaule pang'ono: ambiri akapeza bwino ndi diripi sabweranso pa tsiku lawo, timadzawaonanso atanyamulidwa. Mankhwala aja anazimitsa kutupa, miyala sanaikhudze.

Pa opaleshoni amachotsa kathumba konse, osati miyala yokha, chifukwa kakatsala kamapanganso ina. Amatha kudula pansi pa nthiti, kapena kuboola timabowo ting'onoting'ono n'kulowetsa kamera kumene kuli zipangizo zotero. Kuno opaleshoni zikuluzikulu za pamimba amatumiza ku chipatala cha Kamuzu Central, kudzera ku chipatala chanu chaching'ono. Munthu amakhala bwinobwino wopanda kathumbaka, chifukwa chiwindi chimapitiriza kupanga ndulu n'kumaitsitsira m'matumbo mwachindunji. Ena amatsegulako m'mimba akadya zamafuta m'miyezi yoyambirira, kenako kwa ambiri zimakhazikika. Monga opaleshoni iliyonse, ili ndi zoopsa zake, monga kutaya magazi, bala kuchita mafinya kapena njira ya ndulu kuvulala, koma zimenezi zimachepa pamene munthu walowa m'fiyeta pa tsiku lokonzedwa ali ndi mphamvu, kusiyana ndi wobwera ndulu itaola kale.

Podikira tsiku lanu, chepetsani zokazinga, chiwaya, mandasi ndi nyama yonona, idyani chakudya chochepa pa nthawi imodzi koma osadumpha chakudya, ndipo musadzisale kudya kuti muonde msanga. Zimenezi zimachepetsa ululu koma miyala imakhalapobe. Ululu wopitirira maola 6, kutentha thupi kapena chikasu m'maso zikabwera tsikulo lisanafike, nyamulani buku lanu la kuchipatala ndi pepala la sikani, mupite pomwepo.