Wotchi ya mamilimita 36 pa dzanja lowonda

"Dzanja langa ndi lowonda. Kodi si zoona kuti wotchi ya mamilimita 36 ndiyo ingandikhale bwino?" anafunsa mlongo wina wa ku Kasungu.

Nambala imeneyo imangonena za kukula kwa thupi lozungulira la wotchi, ndipo imasiya timiyendo tinayi timene timagwira lamba. Muyeso wofunika kwambiri ndi wochokera kunsonga ya timiyendo tam'mwamba kufika kunsonga ya tam'munsi, umene ogulitsa amaulemba kuti lug-to-lug.

Tengani lula muyeze mulifupi mwa pamwamba pa dzanja, pamalo afulati pamene wotchi imakhala, kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete. Tiyerekeze kuti mwapeza mamilimita 48. Wotchi ya 36 yokhala ndi timiyendo tatitali towongoka, ya lug-to-lug yofika 47, idzadzaza dzanja lonse, pomwe ya 38 ya timiyendo tatifupi topindikira pansi, ya lug-to-lug yofika 44, idzasiya mamilimita awiri mbali iliyonse, n'kukhala bwino ngakhale kuti ndi yokulirapo.

Poyesa pamsika, yang'anani chapambali. Mukaona mpata pansi pa timiyendo, lamba n'kumatsika molunjika m'malo mokulunga dzanja, wotchiyo yakukulirani, ndipo kuboola lamba bowo lina sikungathandize.