Siyani kukoka zithunzi m'mbali mukasintha masilaidi

Ndatopa nazo zoti munthu akundibweretsera masilaidi, nkhope za anthu zatambasuka ngati chigumu, logo yozungulira yasanduka dzira, ndiye akuti "PowerPoint yanga yalowa vairasi". Ayi abale, palibe vairasi apa. Mwasintha silaidi kuchoka pa 4:3 kupita pa 16:9 ndipo zinthu zakokeka m'mbali, basi. Ndimakonza masilaidi a anthu tsiku ndi tsiku, ndipo vuto limeneli silovuta ngati mwabwera msanga musanaliwonjezere.

Silaidi yakale ija ya 4:3 ndi masentimita 25.4 m'lifupi ndi 19.05 kutalika. Yotambalala imene PowerPoint inayamba kutsegula yokha kuyambira mtundu wa 2013 ndi 33.87 m'lifupi, kutalika ndi komweko 19.05. Ndiye kuti m'lifupi mwawonjezeka gawo limodzi mwa magawo atatu. Chinthu chilichonse chomwe chakakamizidwa kudzaza malo atsopanowo chimanenepa ndi mlingo womwewo, chomwe chinali 3 chimakhala 4. Gwirani nambala imeneyi chifukwa ndi imene itipulumutse kumapetoku. PowerPoint 2007 ndi 2010, yomwe ikadali m'makompyuta ena a m'maofesi, ukasintha pa Page Setup imaphwatalitsa zinthu yokha osakufunsa. Yatsopanoyi imayesetsa kusunga zithunzi bwino, koma imasiya mpata m'mbali, ndiye munthu ukaona mpatawo mtima sukhala pansi, umagwira kadontho kapakati m'mbali mwa chithunzi n'kukoka mpaka chidzaze. Apa ndi pomwe ambiri mumadziwonongera nokha.

Musanakhudze chilichonse, yang'anani kaye ngati vuto lili mu fayilo. Jambulani bwalo pa silaidi mutadina Shift kuti likhale lozungulira lenileni. Ngati pa laputopu lili bwino koma pakhoma likuoneka dzira, fayilo yanu ilibe mlandu, ndi pulojekita kapena TV yomwe ikutambasula, kasinthe Aspect pa rimoti. Ndaonapo anthu akupanikiza zithunzi zonse kuti zioneke bwino pa pulojekita imodzi yosatchera bwino, mawa lake kupita kwina anthu onse pazithunzi aonda ngati akudwala.

Tsopano chithunzi chenicheni. Tinene kuti munali ndi chithunzi cha gulu, masentimita 12 m'lifupi ndi 9 kutalika, pano chili 16 ndi 9. Dinani kumanja pa chithunzicho, sankhani Size and Position. Pali manambala awiri, Scale Height ndi Scale Width. Onetsetsani kuti Relative to original picture size yachongedwa, kenako muwerenge. Mupeza mwina 60% ndi 80%. Akasiyana chonchi ndiye umboni wake umenewo, chithunzi chabwino manambala awiriwa amafanana.

Cholakwika chomwe chimandipweteka mutu ndi ichi: munthu wamva kuti Lock aspect ratio imateteza chithunzi, ndiye akuisiya yochonga n'kumalemba 60 pa Scale Width, kuona kuti inayo nayo yatsika kufika 45, n'kumati sizikutheka. Lokoyo sadziwa chabwino ndi choipa, amangosunga mmene wachipezera chithunzicho, chikakhala chopindika amasunga kupindikako. Ndiye chotsani kaye chongacho, lembani 60 pa Scale Width kuti afanane, mukatero bwezerani chongacho. Chithunzi chabwerera pa 12 ndi 9. Kuyambira pamenepo mukafuna kukulitsa kokani pakona pokha.

Ilipo njira yachidule, Reset Picture & Size, koma samalani nayo, imabweza chithunzi mmene chinalowera, zonse munadula ndi kukongoletsa zimachoka, ndipo chithunzi cha pafoni chitha kukula mpaka kusefukira kunja kwa silaidi.

Nanga mpata wotsala m'mbali uja? Usiyeni, kapena sunthani chithunzi mbali imodzi muike mawu mbali inayo. Ngati mukufunadi chidzaze silaidi yonse, kulitsani pakona mpaka m'lifupi mukwane kenako mudule ndi Crop, koma dziwani kuti mutaya gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kwake, ndiye onani mitu ya anthu isapite nawo. Logo ikakana kudinika ndiye kuti ili ku View, Slide Master, kaikonzereni kumeneko kamodzi, ndipo muyende m'masamba onse ali kumanzereko chifukwa ena amakhala ndi logo yawoyawo.

Matchati ali pawiri ndipo muyambe mwadziwa yanu ndi iti. Idineni. Pamwamba pakatuluka Chart Design ndiye ndi tchati yamoyo, imeneyo imadzijambulanso yokha, zilembo sizinenepa, ungoikulitsa kapena kuichepetsa bwinobwino. Komabe tchati ya mzere ukaitambasula kwambiri mzere womwe umakwera mwamphamvu umaoneka ngati wagona, owonera n'kuganiza kuti mitengo kapena odwala sanakwere kwenikweni pomwe manambala ndi omwewo. Ibwezereni pafupi ndi mmene inalili. Pakatuluka Picture Format ndiye kuti ndi chithunzi chabe chomwe wina anamata kuchokera ku Excel, ichiteni ngati chithunzi china chilichonse, kapena kuposa apo katengeni tchatiyo ku Excel muimatenso.

Nkhani yomwe imandiwawabe ndi ya mayi wina wophunzira za unamwino. Anali ndi masilaidi a kafukufuku wake, anauzidwa kuti holo ili ndi sikirini yotambalala, ndiye anapita kwa mnyamata wina wa pamalo otayipira uja amati amadziwa zonse. Mnyamatayo anasintha kukula kwa silaidi, zinthu zinatambasuka, m'malo mokonza anasunga silaidi iliyonse ngati chithunzi n'kuzimata mu fayilo yatsopano, kenako anasevera pamwamba pa yakale pa fulashi yomweyo. Mayiyo anaona kuti zikuoneka zachilendo koma anati ndidzaona, n'kubwera kwa ine madzulo oti mawa akukaimirira pamaso pa aphunzitsi.

Nditatsegula, Scale Height ndi Scale Width zinali zofanana, Reset osachita kanthu, chifukwa kupindika kunali kutalowa m'chithunzi chenichenicho. Apa ndi pomwe 3 ndi 4 uja anagwira ntchito. Ndinachotsa loko, m'lifupi ndinachulukitsa ndi 0.75, kuchoka pa 33.87 kubwerera pa 25.4, kutalika osakhudza, tchati yozungulira inazunguliranso ndipo nkhope zinabwerera. Koma mawu sakanasinthikanso, panali nambala imodzi yolakwika pa tebulo yomwe tinachita kuiphimba ndi kabokosi koyera n'kulemba pamwamba, ndipo zilembo zing'onozing'ono zinatsala zosaoneka bwino. Ntchito ya miyezi yambiri inakaoneka ngati yongothamangira, pomwe mayiyo anailimbikira. Akanabwera tsiku lomwe anaona vutolo, mwina fayilo yakale tikanaipeza pa imelo kapena pa kompyuta ya mnyamatayo isanafufutidwe.

Ndiye chonde, musanasinthe kukula kwa masilaidi pangani Save As, ya 4:3 ikhale payokha ndi dzina lake, ndipo mudzitumizire pa imelo. Wina akakuuzani kuti akonza posandutsa masilaidi kukhala zithunzi, tengani fulashi yanu muzipita. Ndipo funsani msanga za sikirini ya komwe mukupita, chifukwa mapulojekita akale a 1024 ndi 768 ndi a 4:3, pa amenewo masilaidi anu akale akukwana kale ndipo simufunika kusintha chilichonse.