Imelo yosinthira pasiwedi sikubwera? Yambani ndi kufufuza kumodzi

Mwadina `Forgot password`, webusaiti yanena kuti yakutumizirani imelo, koma mu `Inbox` muli zii. Musafulumire kudinanso. Mawebusaiti ambiri akatumiza linki yatsopano, yoyamba ija imafa, ndiye mukadina kasanu mudzasokonezeka kuti yamoyo ndi iti. Dikirani mphindi 10 kapena 15, chifukwa makina ena olandira imelo amachedwetsa dala kalata yochokera kwa wotumiza wachilendo.

Ngati muli pa Gmail, lembani izi m'kabokosi kofufuzira:

```
in:anywhere newer_than:1d
```

Zikuonetsani chilichonse chimene chafika m'tsiku limodzi lapitali, kuphatikizapo za mu `Spam` ndi `Trash`, zomwe kufufuza wamba kumazidumpha. Apa m'pamene nkhani imagawikira pawiri.

Imelo ikapezeka mu `Spam`, itsegulani n'kudina `Not spam`. Koma musanadine, werengani kachenjezo ka pamwamba pake. Kakanena kuti munatsekera wotumizayo, vuto ndi lomwelo, pakuti Gmail sibweza makalata a munthu wotsekeredwa, imangowaponya mu `Spam`. Nthawi zambiri zimachitika munthu akatopa ndi zotsatsa malonda za kampani n'kudina `Block`, osadziwa kuti imelo ya pasiwedi imadzera pa adiresi yomweyo. Ikapezeka mu `Trash`, kapena ili mu `All Mail` koma mu `Inbox` mulibe, kayikirani sefa imene munaika kale, kutanthauza lamulo louza Gmail kokaika makalata ena akangofika. Pa kompyuta pitani ku `Settings`, `See all settings`, kenako `Filters and Blocked Addresses`. Yang'anani sefa yokhala ndi `Delete it` kapena `Skip Inbox`, muichotse. Pa apu ya pafoni masefawa saoneka.

Nanga kufufuzako kukapanda kutulutsa kanthu? Pamenepo imelo sinalowe n'komwe, ndipo kukumba masefa n'kutaya nthawi. Onani kaye ngati malo aulere a 15 GB osungira zinthu pa akaunti yanu ya Google sanadzaze, poti zithunzi za `Google Photos` ndi mafayilo a `Google Drive` zimadya malo omwewo, ndipo akadzaza makalata atsopano salowa.

Chotsala ndi adiresi. Uthenga woti "ngati akaunti ilipo, takutumizirani imelo" umaoneka ngakhale mwalakwitsa. Eni webusaiti amachitira dala kuti akuba asadziwe amene ali ndi akaunti. Choncho si umboni woti china chake chatumizidwa.

Tiyerekeze kuti polembetsa munaika kadontho pakati pa dzina ndi dzina la bambo, lero mwalemba popanda kadonthoko. Kwa Gmail maadiresi awiriwa ndi amodzi, koma webusaiti yambiri imawaona ngati anthu awiri, ndiye sipeza akaunti ndipo situmiza kanthu. Fufuzani imelo yakale yokulandirani, muone kalembedwe ka pa `To`, mukopere chimodzimodzi.

Koma ngati munalakwitsa tsiku lolembetsalo, mwachitsanzo `gmial.com` m'malo mwa `gmail.com`, linki ikupita kwina ndipo kumbali yanu kulibe chokonza. Lumikizanani ndi othandiza makasitomala a webusaitiyo, muli ndi nambala ya foni imene munalembetsera kapena risiti ya malipiro, kuti akusinthireni adiresi.