Kodi −40 ya Fahrenheit imazizira kuposa −40 ya Celsius?

"Kuno ku Tete kukatentha 40 °C, foni yanga imati 104 °F. Nanga bwanji m'buku alemba kuti −40 ndi chimodzimodzi konseko? Sanalakwitse?"

Ayi achimwene, sanalakwitse. Ambiri amaganiza kuti pa masikelo awiriwa nambala ya Fahrenheit imaposa ya Celsius ndi 32 nthawi zonse, koma zimenezo zimachitika pokhapokha madzi akamaundana, pa 0 °C ndi 32 °F. Celsius akatsika madigiri 5, Fahrenheit amatsika 9, ndiye mpata wa 32 uja umachepa ndi 4 ulendo uliwonse. Maulendo 8 mpata watha: Celsius watsika 40 kufika −40, Fahrenheit watsika 72 kuchoka pa 32, nayenso wafika −40. Kupitirira pamenepo, nambala ya Fahrenheit ndiyo imakhala pansi: −50 °C ndi −58 °F.