Mawu a pansi pa chithunzi cha shopu yokonza mafoni: tchulani maola ndi masiku

Okonza mafoni ambiri kuno ku Zomba akaika chithunzi cha shopu yawo pa WhatsApp kapena pa Facebook, pansi pake amalemba zofanana: timakonza mafoni onse, mwachangu, motchipa. Ntchito yanga ndi yomweyi, ndipo ndikuuzeni kuti mawu otere sakhazika munthu mtima pansi. Mayi wochokera ku Jali amene foni yake ndiyo amalandirira ndalama za geni pa Mpamba ali ndi mafunso awiri basi. Ndiitenga liti? Nanga vutoli likabweranso, ndilipiranso? Mawu anu ayankhe zimenezi iwo asanakwere minibasi.

Tiyerekeze kuti chithunzi chanu ndi cha Tecno yosweka sikilini, pambali pake pali yomweyo itakonzedwa. Pansi pake mungalembe motere:

"Sikilini ya Tecno, itel kapena Infinix: ngati tili nayo mushopu, bweretsani isanakwane 10 koloko m'mawa, mudzatenge 3 koloko masana. Ngati ndi yoitanitsa ku Limbe, masiku atatu ogwira ntchito, ndipo tikuuzani musanasiye foni. Walanti ndi masiku 30: sikilini ikasiya kumva chala kapena ikayamba kudzidina yokha, tisintha ulere. Ikasweka kapena kulowa madzi, walanti yatha. Sungani lisiti."

Masiku 30 ndi chitsanzo chabe. Lembani omwe thumba lanu lingapirire.

Taonani kuti nthawi ndaigawa pawiri, chifukwa ntchitozi ndi ziwiri zosiyana. Kumasula sikilini yakale n'kuikapo yatsopano si ntchito ya tsiku lonse, koma guluu amafuna maola kuti agwire, foni ili yopanidwa. Mukaipereka msanga pofuna kuoneka achangu, m'mphepete mumayamba kutukuka, fumbi n'kulowa. Ndiye pali magetsi. Makina otenthetsera sikilini kuti imatuke sagwira ntchito kukakhala mdima, choncho amene alibe sola kapena jenereta asalonjeze ola limodzi. Kunena maola asanu n'kumaliza m'maola atatu kumakubweretserani kasitomala wina, pomwe kunena ola limodzi n'kumuuza munthu kuti abwerenso mawa kumamuwonongetsa thiransipoti kawiri.

Za ku Limbe musazibise. Ndi pafupi ndithu, koma sipeya ikhoza kufika yolakwika, chifukwa mafoni a mayina ofanana amasiyana tizingwe tam'kati, ndipo kuibweza kumadya tsiku lina. N'chifukwa chake ndimakonda kulemba masiku atatu, osati mawa.

Pa walanti ndi pomwe pamayambira mikangano yambiri, ndipo gwero lake ndi mawu osamaliza. Mukangolemba kuti "timapereka walanti", kasitomala amamva kuti chilichonse chochitika pa foniyo ndi chanu. Wophunzira wa ku Chikanda adzabwera patatha sabata ziwiri batire ikutha msanga, chonsecho inu munasintha sikilini yokha. Choncho tchulani chinthu chomwe mwakonza, ndi zizindikiro zomwe mudzavomere kuti vuto ndi la sipeya kapena la manja anu: kusamva chala mbali ina, kudzidina yokha, mizere yotuluka popanda mng'alu uliwonse, kumatuka m'mphepete. Zomwe simudzavomera nazonso zimaoneka ndi maso. Banga lakuda lofalikira kuchokera pakona nthawi zambiri limasonyeza kuti foni inagwa kapena inakhalidwa m'thumba lakumbuyo. Mafoni ambiri alinso ndi kapepala koyera m'kati kamene kamafiira kakakhudzidwa ndi madzi. Muonetseni mwiniwake kapepalako tsiku lolandira foni, kuti mvula ya mu Januwale isadzakhale mlandu wanu.

Ena amaopa kuti kulemba zokana kuthamangitsa anthu. Ine ndimaona mosiyana: munthu akaona kuti mwanena poyera pomwe lonjezo lanu lathera, amakhulupirira kuti mbali yotsalayo mudzaisunga.

Ngati mumagulitsa masikilini a mitundu iwiri, nenani, ndipo uliwonse ukhale ndi masiku ake. Pa mafoni ena a Samsung omwe amatsekulidwa poika chala pa sikilini penipeni, sikilini yotchipa imachititsa kuti kutsekula ndi chalako kuleke. Ndi bwino munthu adziwe zimenezi asanalipire.

Lisiti ndiyo imagwira lonjezo lonseli. Lembanipo deti, chomwe mwasintha, tsiku lothera walanti, ndi nambala ya IMEI yomwe imatuluka mukaimba *#06#. Ngati sikilini yafa moti simungaimbe, dikirani muike yatsopano, mulembe nambalayo kasitomala akuona, musanamupatse foni. Popanda nambalayi wina akhoza kukubweretserani itel ya mlamu wake, yofanana ndendende, ndi lisiti yanu yomwe.