Shapu ya pamzere wapamwamba ndi ya ma F onse

Pazaka zomwe ndaphunzitsa kiyibodi ndi kuwerenga manoti, cholakwika chimodzi chandibwerera kangapo mpaka ndimachidziwa ndi khutu wophunzira asanamalize mzere woyamba. Munthu amatsegula nyimbo, maso ake n'kudumpha tizizindikiro tomwe taima pambali pa kilefu, chizindikiro chachikulu chija choyambirira pa mizere isanu ya manoti, n'kuthamangira ku noti yoyamba. Ukamufunsa kuti tija ta ♯, shapu yokweza noti, kapena ♭, fulati yotsitsa noti, tikutanthauzanji, amayankha kuti ndi dzina la kiyi. Ena amati n'ta anthu amene anapita patali. Ayi ndithu. Tizizindikiro timeneti, tomwe oimba amati kiyi siginecha, ndi tanu inu ongoyamba kumene, chifukwa ndi tomwe timakuuzani manoti asanu ndi awiri amene nyimboyo yamangidwira musanakhudze batani ngakhale limodzi.

Mtsikana wina amene anabwera kwa ine atadziphunzitsa yekha miyezi isanu ndi itatu sindimuiwala. Anali wakhama, zala zofewa, nthawi yosunga bwino. Anandibweretsera kanyimbo kokhala ndi mashapu awiri koyambirira kwa mzere uliwonse. Pa kilefu ya dzanja lamanja, shapu yoyamba imakhala pamzere wachisanu, wapamwamba penipeni, pomwe ndi pa F. Yachiwiri imakhala mumpata wachitatu kuchokera pansi, momwe ndi mwa C. Nyimboyo inkayamba ndi manoti asanu okwera: D, E, F, G, A, ndipo F wake anali wa mumpata woyamba, pansi. Manoti asanuwo iye anawaimba pa mabatani oyera okhaokha. Nyimbo yomwe inayenera kutuluka yowala inatuluka ngati yachisoni.

Ndinamuimitsa n'kumulozera shapu ija.

"Iyi ikukuuza chiyani, mwanawe?"

"Kuti F akhale shapu, aphunzitsi."

"Nanga bwanji waimba F woyera?"

"Shapuyo ili pamzere wapamwamba. F wanga ali pansi."

Apa ndi pamene panagona vuto, ndipo mwanayo sanali wopusa. Anaganiza molongosoka, koma panalibe amene anamuuza kuti chizindikiro cha pa kiyi siginecha chimagwira chilembo chonse, pena paliponse pamene chilembocho chapezeka. Shapu ikakhala pa F, ndiye kuti F aliyense, wapamwamba, wapakati, wa kudzanja lamanzere, amakwera ku batani lakuda la kumanja kwake, kuyambira poyamba mpaka nyimbo ithe kapena mpaka wolemba asinthe siginecha. Imalembedwa pamalo amodzi pofuna kuti pepala lisadzaze. Chomwe chinandipweteka kwambiri n'chakuti C wa mumpata wachitatu ankamuimba shapu bwinobwino, poti chizindikiro ankachiona pampata womwewo, koma nyimbo itatsikira ku C wa pakamzere kakang'ono pansi pa mizere isanu, anabwerera ku batani loyera. M'nyimbo imodzi munali ma C amitundu iwiri, ndipo khutu lake linali litazolowera zimenezo mpaka nditamuimbira molondola ananena kuti zikumveka zachilendo.

Mukamvetsa chifukwa chimene mashapu awiriwa alili pamenepo, simudzawaiwalanso. Imbani do, re, mi, fa, so, la, ti, do. Mipata ya pakati pa manotiwa si yofanana. Pakati pa mi ndi fa, komanso pakati pa ti ndi do, pali theka la sitepe, kutanthauza mabatani awiri ogundana opanda lina pakati. Penapo ponse pali sitepe yathunthu. Pa kiyibodi, mabatani oyera ogundana chonchi ndi E ndi F, komanso B ndi C. N'chifukwa chake mukayambira do pa C, zonse zimagwera pa oyera ndipo siginecha imakhala yopanda kanthu.

Tsopano ikani do pa D. Kuchoka pa D kupita pa E ndi sitepe, re wakhala bwino. Kuchoka pa re kupita pa mi pakufunika sitepe inanso, koma E ndi F n'zogundana. F wachepera, ayenera kukwera kukhala F♯. Kuchoka pa F♯ kupita pa G ndi theka, ndipo ndi mmene mi ndi fa ziyenera kukhalira. G, A, B zikuyenda bwino monga fa, so, la. Kuchoka pa la kupita pa ti pakufunikanso sitepe, koma B ndi C n'zogundana, choncho C akwera kukhala C♯, ndipo kuchoka apo kufika pa D ndi theka lotsekera. Manoti anu ndi awa: D, E, F♯, G, A, B, C♯. Ndi zimene mashapu awiri aja akunena. Mtsikana uja poimba F woyera ankatsitsa mi ndi theka la sitepe, ndipo mi ndi noti imene imasiyanitsa kumveka kowala kwa meja ndi kumveka ngati kwachisoni kwa maina. Gwirani D, F♯, A pamodzi, kenako D, F, A, mudzimvere nokha kusiyana kwake. Poimba C woyera ankatsitsa ti, noti yomwe imakokera khutu kubwerera pa do, motero mathero a nyimbo ankamveka ngati munthu amene wasiya mawu pakamwa.

Zizindikirozi sizibwera mwachisawawa. Mashapu amabwera motsatana chonchi nthawi zonse: F, C, G, D, A, E, B. Mafulati amabwera chobwerera: B, E, A, D, G, C, F. Mukaona mashapu atatu, simufunika kusuzumira kuti ali pamizere iti, ndi F, C ndi G basi. Mukaona mafulati awiri ndi B ndi E. Kupeza do nakonso n'kwapafupi. Shapu yomalizira, ya kumanja, ndi ti, ndiye kwerani theka la sitepe mwapeza do: yomalizira ikakhala C♯, do ndi D. Fulati yomalizira ndi fa, ndipo pakakhala mafulati awiri kapena kuposa, yoyandikana ndi yomalizirayo ndiye do. Pa B♭, E♭, A♭, do ndi E♭. Fulati imodzi yokha ndi kiyi ya F, imeneyo ingoisungani pamtima.

Pali anthu amene amandikwiyitsa pankhaniyi, ndipo sindibisa. Ndi aja amene amalonjeza kuti muimba nyimbo iliyonse pakatha milungu iwiri, ndipo njira yawo ndi kukuphunzitsani kiyi ya C yokha kenako n'kukuonetsani batani lolembedwa kuti Transpose, lomwe limakweza kapena kutsitsa mawu a kiyibodi yonse inu mukugwira mabatani omwewo. Batanilo lili ndi ntchito yake, ine ndemwe ndimaligwiritsa ntchito woimba mawu akapempha kuti titsike pang'ono. Koma munthu amene amadziwa mabatani oyera okha, ukamupatsa pepala la mashapu awiri, zimene maso ake akuona ndi zimene zala zikugwira sizigwirizana konse. Tsiku limene adzakhale pa piyano yopanda magetsi, kapena kuimba ndi woliza lipenga amene akuwerenga pepala lomwelo, adzasowa pogwira. Enanso amalemba zilembo pansi pa noti iliyonse, D E F G A, opanda shapu, n'kupatsa mwana kuti akaloweze. Mtsikana uja pepala lake linali lotere, zilembo za bolopeni yofiira pansi pa noti iliyonse. Sindinamufunse amene anamulembera.

Musanene kuti mudzaziphunzira kutsogolo mukadzazolowera kiyibodi. Zala zimaloweza msanga kuposa mutu, ndipo zikaloweza molakwika sizimva kuuzidwa. Lamulo la shapu mtsikana uja analimvetsa tsiku lomwelo, mphindi zisanu sizinakwane. Koma chala chake chapakati chinapitirizabe kugwera pa F woyera kwa miyezi pafupifupi itatu, makamaka akafulumiza kapena akamaimba pamaso pa anthu. Ndinkamuona akulumira mlomo, akudziwa kuti walakwa chala chitagwa kale. Akanauzidwa mlungu woyamba, miyezi itatu imeneyo akanaphunzira nyimbo zina.

Komabe siginecha ili ndi malire, ndipo amene angoiphunzira kumene amagwera mbali inayo n'kuyamba kuikhulupirira mopitirira. Choyamba, siletsa manoti ena kulowa. Wolemba akafuna F woyera m'nyimbo ya mashapu awiri, amaika chizindikiro cha ♮ patsogolo pa notiyo. Chizindikiro chapanjira chotere chimasiyana ndi cha pa siginecha: chimagwira noti ya pamzere kapena mpata womwewo, ndipo mphamvu yake imathera pakamzere koimirira kotseka baa, kachigawo kakang'ono ka nyimbo komwe notiyo ili. Mukadutsa kamzereko, F wabwerera kukhala F♯ ngakhale pasalembedwe kanthu. Ambiri amatenga ♮ ija n'kuyenda nayo mpaka pansi pa tsamba.

Chachiwiri, ndipo ichi chimasokoneza ngakhale amene aimba zaka zingapo, siginecha imakuuzani manoti, koma payokha siikuuzani noti imene nyimbo imapumirapo. Siginecha iliyonse imagwira ntchito pa makiyi awiri, ya meja yomwe imapumira pa do, ndi ya maina yomwe imapumira pa la. Shapu imodzi ikhoza kukhala G meja kapena E maina. Mashapu awiri akhoza kukhala D meja kapena B maina. Manoti ndi omwewo asanu ndi awiri, chasintha ndi pofikira.

Mudziwa bwanji? Tiyerekeze muli ndi nyimbo ya shapu imodzi. Yang'anani noti yotsiriza, makamaka yapansi penipeni kudzanja lamanzere. Ikakhala G, mosakayika kwenikweni muli mu G meja. Ikakhala E, ganizani za E maina. Kenako yendetsani maso m'nyimbo yonse kufuna chizindikiro chapanjira chomwe chikubwerabwera. Nyimbo za maina kawirikawiri zimakweza noti yachisanu ndi chiwiri kuti ikokere ku noti yopumira, ndipo kukwezako sikulembedwa pa siginecha. Mu E maina noti imeneyo ndi D, choncho mudzaona D♯ akutulukira makamaka kumapeto kwa ziganizo za nyimbo. Shapu imodzi pa siginecha, D♯ wobwerezabwereza, ndi E pamapeto: imeneyo ndi E maina, ndipo mukaiyamba ndi khodi ya G, kutanthauza G, B ndi D pamodzi, chifukwa choti munaloweza kuti shapu imodzi ndi G, oimba mawu adzavutika kupeza polowera.

Zimene ndinamupatsa mtsikana uja ndi zimene ndimapatsa aliyense tsopano, ndipo sindilola kuti adumphe. Asanaimbe noti yoyamba, atchule mokweza zizindikiro za pa siginecha: F shapu, C shapu. Aimbe manoti asanu ndi awiriwo kukwera ndi kutsika, dzanja lamanja kenako lamanzere, okitevu ziwiri, kutanthauza kuchoka pa do kufika pa do wotsatira kawiri, kuti zala zikumane ndi F♯ wapansi ndi wapamwamba yemwe. Kenako atenge pensulo, osati bolopeni, azungulize F ndi C aliyense patsambalo. Pakatha mlungu timafufuta theka la tizizindikiro ta pensulo tija, mlungu winawo timafufuta totsalato. Ngati chala chagweranso pa loyera titafufuta, sitibwezera pensulo tsamba lonse. Timabwezera pa noti yokhayo yomwe yamugwetsa, n'kuimba baa imeneyo pang'onopang'ono kasanu motsatizana popanda kulakwa tisanapitirire.